Kalata Yodandaula za Malire a Munda: Chotsani Mkwiyo, Siyani Mfundo

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene anthu akusosa ndi kugalauza minda, milandu ya malire imachuluka m'mabwalo a mafumu. Ambiri amayamba ndi kalata, ndipo amailemba tsiku lomwelo limene apeza malire atasunthidwa, mtima ukadali m'mwamba. Kalata yotere imadzawerengedwa pabwalo, ndipo ikhoza kugwetsa mlandu mwini wake ngakhale munda uli wakedi.

Tiyerekeze kuti mayi wina wapeza kuti woyandikana naye munda wazula khonje wa m'malire ndi kulima mizere inayi mbali yake. Usiku womwewo walemba motere:

"Iwe wakuba, ndaona zimene wachita kumunda kwanga. Mtundu wanu wonse ndi wotero, ngakhale malemu bambo ako. Tikudziwa kuti umadalira ufiti. Ukadzapondanso pamenepo uona chimene chidameta nkhanga mpala."

Amfumu akawerenga kalatayi sadziwa kuti mundawo uli kuti, kuti zachitika liti, kapena chimene mayiyo akufuna. Chimene wachita n'kupatsa mnzakeyo zida. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo loletsa za ufiti la 1911, ndipo mawu otsirizawo ndi oopseza, oti akhoza kukafika nawo kupolisi. Bwalo limene likanakamba za malire liyamba kukamba za chipongwe.

Choncho igonekeni kalatayo. M'mawa muilembe mzere pansi pa mawu onse onena za khalidwe la munthuyo, za makolo ake, kapena za zimene mukungoganizira. Amenewo achoke. M'malo mwake mulembe zimene munthu wina angathe kupita kumunda n'kukaziona ndi maso: tsiku, malo, muyeso ndi chizindikiro cha malire. Mawu akuti "mwandibera munda" munthu akhoza kuwakana, koma mizere inayi amfumu akhoza kukaiwerenga okha. Ngati mizereyo inatalikirana masentimita 75, ndiye kuti ndi mamita atatu m'lifupi, ndipo mulembe choncho. Kalata ya mayi uja tsopano ikhala motere:

"Okondeka Bambo,

MALIRE A MUNDA WA KUDAMBO

Pa 12 Okutobala ndinapeza kuti khonje amene anali m'malire a munda wanga ndi wanu, kuchokera pamtengo wa mango kufika pachulu, wazulidwa. Mizere inayi, yokwana mamita atatu m'lifupi, yalimidwa mbali yanga.

Malirewa anaikidwa ndi a Nyakwawa pamene malemu mayi anga ankapatsidwa mundawu, ndipo akuluakulu awiri amene analipo akadali moyo. Zitsa za khonjeyo zikuonekabe.

Ndikupempha kuti musadzale mbewu pa mizere inayiyo, ndiponso kuti tikumane pamalopo pamaso pa a Nyakwawa pasanafike pa 26 Okutobala, kuti malire abwezeretsedwe. Tsikuli likadutsa tisanakumane, ndidzakatula nkhaniyi kwa a Gulupu.

Kalata yofanana ndi iyi ndapereka kwa a Nyakwawa.

Ine mnansi wanu,"

Pansi pake mayiyo asaine ndi kulemba dzina lake lonse, ndipo pamwamba pakhale mudzi wake ndi tsiku lolembera.

Onani kuti "iwe" wasanduka "inu", ndipo kalatayi ikuti khonje "wazulidwa", osati "mwazula", popeza mayiyo sanaone amene anazula. Komabe siinafooke. Mphamvu yake ili pa pempho lomveka, pa tsiku lomaliza, ndi pa kutchula kumene nkhani ipite ngati mnzakeyo sayankha. Masabata awiri ndi okwanira kuti a Nyakwawa apeze mpata, komanso nkhani ithe mvula yodzalira isanagwe. Mbewu zikamera pamalo okanganirana, mlandu umakula.

Ena akachotsa mkwiyo amapyola muyeso n'kulemba kuti "mwina ndalakwitsa ndine" kapena "ngati n'kotheka mundiganizireko". Mawu otere adzawerengedwa ngati umboni wakuti mwini munda akukayika malire ake. Ulemu ukhale m'malonje ndi m'katchulidwe ka munthu. Pa mfundo pasakhale kupepesa. Musalembenso chimene simudzachita, monga kunena za loya pamene mulibe ndalama zomulipira, chifukwa mnzanuyo akazindikira sadzalabadiranso kalata yachiwiri.

Lembani makalata atatu ofanana: yamnzanuyo, ya a Nyakwawa, ndi yanu yosunga. Yamnzanuyo musaitumize ndi mwana. Apereke munthu wamkulu amene angadzachitire umboni kuti inafika. Podikira yankho, musasalaze mizereyo kapena kudzalanso khonje panokha, kuopa kufafaniza umboni umene amfumu akubwera kudzaona.

Musanaipereke, iwerengeni mokweza ngati kuti muli pabwalo, mudzi wonse ukumvetsera. Liwu limene mungachite nalo manyazi pamaso pa amfumu, lichotseni.