Batani la "Cancel": tilimasulire bwanji m'Chichewa?

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa mpunga pa Khombedza akutumiza K20,000 pa foni kwa mwana wawo ku Salima. Alemba nambala, koma asanatsimikize aona kuti aphonya nambala imodzi. Pa sikirini pali mabatani awiri, "Send" ndi "Cancel". Funso langa kwa inu ndi ili: lachiwirilo tilembepo chiyani m'Chichewa?

Mukangotsegula dikishonale, mwina musankha "Fafanizani". Pachingerezi mwakhoza, koma mayi aja aima kaye. Afafanize chiyani? Nambala, ndalama, kapena akaunti yonse? Poopa kutaya ndalama, akhoza kudina "Tumizani" n'cholinga choti akafunse bwino kwa ejenti. Basitu, ndalama zapita kwa munthu wachilendo.

Vuto lagona apa: liwu limodzi lachingerezi limagwira ntchito zingapo, pomwe ife ntchito iliyonse tili ndi liwu lake. Msonkhano timaulepheretsa, ngongole timaikhululuka, cholembedwa timachifafaniza, koma chinthu chimene tangochiyamba timachisiya. Komanso batani limaima lokha, popanda chiganizo cholithandiza.

N'chifukwa chake akatswiri omasulira mapulogalamu sayamba ndi liwu. Amayamba afunsa kuti munthu akadina, chichitike n'chiyani. Apa palibe chimene chikufufutidwa: ndalama sizichoka, ndipo munthu abwerera pomwe anayambira. Choncho ine ndingayese mawu atatu. "Bwezani" ndikulikana, chifukwa likumveka ngati ndalama zapita kale ndipo zibwezedwa. "Letsani" likumveka ngati ukukaniza munthu wina. "Siyani" ndiye likunena zenizeni. N'lalifupinso, zilembo 6 zokha pomwe "Fafanizani" lili ndi 10, ndiye likwana pa batani laling'ono. Taonaninso "-ni" wakumapetoyo. Foni youza mayi wamkulu kuti "Siya" ndi yamwano.

Kusankha si mapeto ayi. Omasulira amapatsa foni anthu angapo n'kuwafunsa, asanadine, kuti akuganiza kuti batanilo lichita chiyani. Anthu akamazengereza kapena kuyankha zosiyana, ndiye kuti liwulo lalephera. Lopambanalo amalilemba pa mndandanda wa mawu ogwirizana, kuti ntchito yomweyo isatchedwe "Siyani" pano, "Lekani" uko.

Njirayi inagwirapo kale ntchito pa Chichewa. Mu 2014, magazini ya The Economist inalemba za anthu omasulira mapulogalamu a Mozilla, eni ake a Firefox. Masamba amene foni imasunga kuti idzawatsegule msanga, aja a "cached pages", anawatcha "mfutso wa tsamba". Mfutso mukuudziwa: ndiwo zouma zosungira nthawi ya chilimwe. Iwowa anamasulira ntchito, osati liwu.

Tsopano yesani nokha. Tengani "Save", "Back" ndi "Home". Dikishonale ikhoza kukupatsani "Pulumutsani", "Msana" ndi "Kunyumba". Pa lililonse, lembani chimene chimachitika mukadina, musankhe liwu lanu, kenako mukaliyese kwa agogo osawafotokozera kanthu.