Dipoziti ya malata amene sanafike

M'mashopu a zomangira pa boma la Mangochi, ku Monkey Bay ngakhale ku Namwera, mumamveka mawu akuti: "Malata atha, koma siyani kangachepe, lole ikubwera kuchokera ku Limbe." Kusiya dipoziti sikulakwa, chifukwa nayenso wogulitsa amaopa kupikula katundu amene mwiniwake adzamuthawe. Koma ndalamayo ikadali yanu kufikira malata atatsitsidwa n'kuwerengedwa inu mukuona.

Tiyerekeze kuti mukufuna malata 40 a geji 28, lililonse pa K25,000, onse pamodzi K1,000,000. Siyani K250,000 basi. Wogulitsa akaumirira kuti mulipire yonse, dziwani kuti akufuna kuyendetsera bizinesi yake ndalama yanu, ndipo zikamuvuta ndinu mudzalire.

Pa lisiti pasangolembedwa kuti "malata". Alembe chiwerengero, geji, utali wake, mtengo wa limodzi, tsiku lofikira, ndi mawu akuti tsikulo likadutsa ndi sabata imodzi dipoziti idzabwezedwa yonse. "Sabata yamawa" si tsiku. Mtengo ndiye mukakamirepo kwambiri. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya m'mashopu inadumpha nthawi yomweyo, ndipo wopanda mtengo wolembedwa analibe pogwira. Wogulitsa akakana kumanga mtengo, alembe kuti ukakwera muli ndi ufulu wotenga ndalama yanu. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani pa nambala ya mwini shopu, osati ya mnyamata wapakauntala, ndipo uthengawo musaufufute.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pamene katundu wafika wopereŵera. Afika malata 25 okha, ndiye kuti K625,000. Wogulitsa adzati mulipire yonseyo, dipoziti ikhale ya 15 otsalawo. Kanani. Chotsani K250,000 yanu pomwepo, mupereke K375,000, munyamule malata anu. Otsalawo, ngati mukuwafunabe, alembedwe pa lisiti yatsopano ndi tsiku latsopano. Akapanda kufika, simunataye kanthu.

Inu ogulitsa, dipoziti ya munthu isasakanikirane ndi ndalama ya m'dirowa. Ilembeni m'buku lakelake, ndipo muigwiritse ntchito pokhapokha amene mumapikulako atatsimikiza kuti katunduyo alipo. Lole ikachedwa, imbani foni ndinu, musadikire kuti kasitomala akupezeni.

  

Inu ogula, tsiku lofikira likadutsa wogulitsa n'kuyamba kuzemba, mulembereni kalata yomupatsa masiku 7, inu musunge kope yake. Zikakanika, tengani lisiti ndi kalatayo mupite kwa a komiti ya msika, kubungwe la CFTC lomwe limamva madandaulo a ogula, kapena kukhoti la majisitireti ku Mangochi.