Nambala ya invoisi ikadumpha, funsani

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, tonse tikudziwa kuti invoisi ndi pepala limene wogulitsa amapereka kwa wogula, losonyeza katundu amene watenga ndi ndalama zoti alipire. Koma mudayamba mwaganizapo chifukwa chake ma invoisi amasindikizidwa ndi manambala otsatizana? N'cholinga choti imodzi ikasowa, isiye mpata wooneka.

Patchuthi ndinkathandiza pa holoselo ya amalume. Tsiku lina anandipatsa faelo ya ma invoisi a sabata imodzi n'kunena kuti, "Taona ngati onse alimo."

Choyamba, ndinapeza chiwerengero chimene chimayenera kukhalamo. Yoyamba inali 341, yomaliza 360. Mumachotsera yoyambayo ku yomaliza, kenako n'kuwonjezera 1: 360 − 341 + 1 = 20. Musaiwale 1 ameneyu, chifukwa 341 nayenso ndi invoisi. Nditawerenga mapepala ndinapeza 18. Awiri kulibe!

Chachiwiri, ndinawasanja kuyambira nambala yaing'ono. Ma invoisi oyandikana ayenera kusiyana ndi 1 basi. Kuchoka pa 346 ndinafika pa 348, ndipo kuchoka pa 354 ndinafika pa 356. Apa zinadziwika kuti osowawo ndi 347 ndi 355.

Chachitatu, ndinatsegula buku lomwe ma invoisiwo amang'ambidwamo, poti kope ya kaboni imatsala m'menemo. Pa 347 panali mapepala onse awiri, odulidwa mzere n'kulembedwa kuti yathetsedwa. Wolemba analakwitsa mtengo n'kuyambiranso pa 348. Pamenepo panalibe vuto, ndipo n'chifukwa chake invoisi yolakwika sitiitaya.

Koma 355 inali nkhani ina. Kaboni inasonyeza mabelo awiri a shuga amene mwini golosale wina anatenga pa ngongole. Pepala la mu faelo linasokonekera, choncho ngongoleyo sinalowe m'buku la angongole. Pakanapanda mpata uja, amalume sakanaitanitsa ndalamazo.

Chenjerani ndi misampha iwiri. Woyamba: kuwerenga kokha kukhoza kukunamizani. Ngati invoisi ina yalowa kawiri pomwe ina yasowa, mupezabe 20, n'kumati zonse zili bwino. Ndiye sanjani ndithu, musathere powerenga.

Wachiwiri: yosowa ikakhala yakumapeto, mpata suoneka. Ikanasowa 360, ine ndikanangoganiza kuti sabatayo inathera pa 359. Mankhwala ake ndi kuyang'ana tsamba loyamba losalembedwa m'buku lija. Ngati ndi 361, ndiye kuti 360 inatuluka. Chimodzimodzi koyambirira: onani pamene faelo ya sabata yatha inalekezera.

Mpata paokha si umboni woti wina waba. Umangokuuzani tsamba loti mutsegule musanaloze munthu chala.

Yesani iyi: faelo ili ndi 512, 513, 515, 515, 516, 518. Amayenera kukhala angati, ndipo asowa ndi ati? Yankho lituluka pabolodi pomwe pano Lachisanu.