Makalata a omvera: bwanji kanema wanga sakuonedwa?

Sabata ino makalata ambiri akudandaula chinthu chimodzi, choncho ndasankhapo atatu ndipo ndiwayankha motsatana, chifukwa yankho la imodzi likutsegulira njira inzake. Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza amene ali ndi tchanelo cha zophikaphika pa YouTube. Akuti: "Ndaika makanema 14 koma palibe wadutsa anthu 200. Kodi YouTube imatsekereza ife a matchanelo ang'onoang'ono? Nditani kuti ikankhe makanema anga?"

Mayi, tiyambe ndi mawu anu akuti kukankha, chifukwa m'menemo ndi momwe mwagona vuto. Ambiri timaganiza kuti kanema akangoikidwa, makina amamunyamula n'kumamufunira anthu, ngati wogulitsa mandasi woyenda khomo ndi khomo. Sizitero. Ntchito imayamba munthu akatsegula foni yake, ndipo funso limene makinawo amayankha ndi lakuti: munthu uyu, panthawi ino, angakhalitse pa kanema uti? Mu 2016 akatswiri atatu a kampani ya Google, a Covington, a Adams ndi a Sargin, anafotokoza poyera momwe ankachitira zimenezi, ndipo anati ntchitoyo ili pawiri. Poyamba makina amasefa makanema mamiliyoni n'kutsala ndi mazana ochepa, potengera zimene munthuyo waonerapo, zimene wafufuzapo, ndi zimene anthu ena a makonda ofanana ndi ake amaonera. Kenaka mazanawo amawaika pamndandanda, ndipo oyambirira ochepa okha ndiwo amafika pamaso pake. Makinawo asintha kwambiri chilembereni nkhaniyo, koma maganizo ake akadali omwewo. Ndiye kanema wanu sapikisana ndi dziko lonse. Amapikisana ndi makanema ena amene angakope mayi wa ku Lumbadzi amene dzulo anaonera kaphikidwe ka chigumu. Ndipo nkhaniyi si yaing'ono: mu 2018 a Neal Mohan, amene lero ndi mkulu wa YouTube, ananena kuti nthawi yoposa 70 peresenti imene anthu amaonera imachokera ku makanema amene makinawo awasankhira, osati amene adzifunira okha.

Nanga pamndandandapo amayang'ana chiyani? Kale ankawerenga kwambiri kuchuluka kwa anthu odina. Anthu atazindikira, anayamba kuika zithunzi ndi mitu yonyenga, woonera n'kumadina, n'kupeza zina, n'kutuluka atakhumudwa. Mu 2012 YouTube inasintha, n'kuyamba kulemekeza nthawi imene munthu wakhala akuonera. Pambuyo pake inaonjezerapo timafunso timene mwina munationapo, tofunsa kuti kanema amene mwaonera mungamupatse nyenyezi zingati pa zisanu, ndipo mu 2021 kampaniyo inanena kuti nthawi imene imaitenga kuti ndi yaphindu ndi ya makanema opatsidwa nyenyezi zinayi kapena zisanu. Zonsezi ndi zochita za woonera, si za inu. Chimene chili m'manja mwanu ndi lonjezo limene mumapereka kudzera pa mutu ndi chithunzi cha pachikuto, komanso kukwaniritsa lonjezolo kanema akayamba.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvane. Muli ndi kanema wa mphindi 8 wa kaphikidwe ka thobwa, ndipo chithunzi chake chaonetsedwa ka 10,000. Mutaika mutu wakuti "Simukhulupirira zimene zandichitikira lero", mwina anthu 8 pa 100 aliwonse adina, kutanthauza anthu 800. Koma iwo abwera kudzamva nkhani ya mkangano, ndipo akaona mphika ndi chimera atuluka pakatha mphindi imodzi. Zonse pamodzi ndi mphindi 800. Tsopano mutuwo ukhale wakuti "Kaphikidwe ka thobwa la chimera cha mawere", chithunzi chake chikho chodzaza thobwa chojambulidwa pafupi. Adina anthu 4 okha pa 100, ndiwo 400, koma awa ndi ofunadi thobwa, ndipo aliyense akhala mphindi 5 kudikira aone pamene phala lazizira mokwanira kuti athiremo chimera. Zonse pamodzi ndi mphindi 2,000. Wachiwiriyu waonedwa ndi theka la anthu, koma pa mwayi womwewo wa 10,000 wabweza nthawi yochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka. Kuonjezera apo, makina aphunzira chinthu chomveka: anthu okonda zophika zakwathu amakhalitsa pa kanema ameneyu, ndiye akudziwa kwa kumuperekanso mawa.

Kuti mudziwe pamene pakudontha, lowani mu YouTube Studio, musankhe kanema mmodzi, mutsegule Analytics. Pansi pa Reach mupeza Impressions, kutanthauza kangati chithunzi chanu chinaonetsedwa pa YouTube, ndi Impressions click-through rate, kutanthauza angati mwa iwo anadina. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema onse amakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Ngati chithunzi chaonetsedwa kambiri koma odina ndi ochepa kwambiri, vuto ndi mutu kapena chithunzicho. Ngati odina alipo, pitani pa Engagement muone mzere wosonyeza pamene anthu amatulukira. Mzere ukagwa ngati phompho m'masekondi 30 oyamba, ndiye kuti lonjezo silinakwaniritsidwe msanga, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi malonje. Ife timalemekeza moni, ndipo ndi khalidwe labwino, koma munthu amene wagula bandulo yochepa sadikira mphindi ziwiri za kuthokoza achibale ndi kupempha anthu alembetse. Muonetseni thobwa lomalizika kaye, moni abwere mwachidule manja ali kale pantchito. Chenjezo limodzi: kanema akayamba kufalikira, peresenti ya odina imatsika, chifukwa akuonetsedwa kwa anthu amene sakukudziwani. Kutsika koteroko si matenda, ndipo musathamangire kusintha chithunzi.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Chipata, ku Zambia, amene akuti mnzake anamuuza kuti chinsinsi ndi kudzaza matagi ambiri ndi kulowa m'magulu olembetserana. Achimwene, nkhani ya matagi ikukhudza kufufuza, ndipo kufufuza ndi khomo lina, losiyana ndi lija la makanema obwera okha. Munthu akalemba mawu m'bokosi lofufuzira, makina amayang'ana makanema amene mutu, malongosoledwe ndi zam'kati mwake zikugwirizana ndi mawuwo, kenaka n'kuona kuti mwa amenewo ndi ati amene anthu ofufuza mawu omwewo amawaonera. Apa mawu anu ali ndi mphamvu ndithu, koma mawu a pamutu ndi a m'mizere yoyamba ya malongosoledwe. Za bokosi la Tags, YouTube yokha inalemba kuti limathandiza pang'ono kwambiri, kupatula pamene mawu a nkhani yanu anthu amawalemba mosiyanasiyana. Kwa ife mpata umenewo ndi weniweni: wa ku Lilongwe alemba nsima, wa ku Lusaka alemba nshima, wina afufuza Chichewa pamene wina afufuza Chinyanja. Ikani kalembedwe konseko, mphindi imodzi yakwana, musataye madzulo onse. Pa Reach pomwepo, pansi pa YouTube search, muona mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni, ndipo amenewo ndi aphunzitsi abwino kuposa mnzanu uja. Za magulu olembetserana ndikukanizani. Malamulo a YouTube amaletsa, komanso ngakhale mutapulumuka, mwasonkhanitsa anthu amene sanabwere chifukwa cha ntchito yanu. Kanema watsopano akaonekera kwa iwo amangomudutsa, ndipo nambala ya olembetsa imakula pamene oonera sakuonjezereka.

Kalata yachitatu ndi yotsutsa, ndipo ndaikonda. Bambo wina wa ku Mzuzu, mphunzitsi wa masamu amene amajambula maphunziro a MSCE, akuti: "Mumatiuza kuti kanema wabwino amadzipezera anthu. Nanga bwanji zamiseche ndi zotukwana ndizo zimadzaza mafoni athu? Ndipo zonse mumanenazi mumazitenga kwa kampani yomweyo imene imadya nazo." Bambo, mwanena zoona pawiri. Makinawa sayeza ubwino, amayeza khalidwe la anthu, ndipo miseche imakoka maso kuyambira kalekale pachitsime. Kampaniyo inavomereza mbali ya vutoli mu 2019 pamene inalengeza kuti ichepetsa kupereka makanema osocheretsa ndi oyandikira kuphwanya malamulo, zimene zikusonyezanso kuti pamakinapo pali dzanja la munthu, si madzi ongodziyendera. Ndi zoonanso kuti kulemera kwa chizindikiro chilichonse kampaniyo siulula, ndipo imasintha osatiuza. N'chifukwa chake sindikupemphani kukhulupirira mawu awo okha. Zimene ndafotokozazi mungaziyese pa manambala a tchanelo chanu, ndipo munthu aliyense wokulonjezani kuti akudziwa chinsinsi chonse mumuope.

Koma pamene ndikusiyana nanu ndi apa. Poti kusankha kumachitikira munthu mmodzimmodzi, kanema wa miseche sanakulandeni malo kwa aliyense. Mwana wa Folomu 4 amene usiku wathawu anafufuza za makona atatu ali ndi mndandanda wakewake, ndipo mmenemo inu mukupikisana ndi aphunzitsi ena a masamu. Chimene chimakuchepetsani ndi kukula kwa gulu lofuna nkhaniyo, ndi nyengo yake: ofuna masamu a MSCE ali ndi malire, amachuluka mayeso akayandikira, ndipo ambiri alibe bandulo yokwanira phunziro la ola lathunthu. Malire amenewo simungawasunthe. Mungathe kudula phunzirolo kuti funso limodzi likhale kanema mmodzi, mutu wake utchule funsolo momwe wophunzira angalilembere, ndipo pomaliza mumulozere kanema wotsatira m'malo momutsanzika. Mungathenso kusasakaniza masamu ndi makanema a ukwati wa mlamu wanu pa tchanelo chimodzi, chifukwa wobwerera masamu sadina zaukwati.

Mayi a ku Dedza, ndibwerere kwa inu ndisanatseke. Pa makanema 14 aja musakhudze onse. Sankhani mmodzi amene mzere wake wa oonera ukutsika pang'onopang'ono, chifukwa ameneyo ndiye amene anthu akalowa amakhala. Msinthireni mutu ndi chithunzi zokha, mulembe tsiku ndi manambala ake papepala, mudikire masabata awiri osasinthanso kanthu, kenaka mufananitse. Mukatero mutilemberenso, mutiuze Impressions zinali zingati poyamba ndi pambuyo pake, ndipo tidzaziwerenga limodzi pano.