Kasitomala wabwera ndi chithunzi cha fashoni: lembani zinthu zinayi musanatchule mtengo

Atelala ndi ogulitsa zovala ambiri masiku ano amalandira maoda kudzera pa foni. Kasitomala amatumiza pa WhatsApp chithunzi cha munthu akuyenda pa chionetsero cha mafashoni, n'kulemba kuti akufuna chonga chimenechi. Mkangano umadzabuka tsiku lotenga katundu, chifukwa aliyense anaona zake pa chithunzi chomwecho. Wina anakopeka ndi kuwala kwa nsalu, wina anaona kutalika kwa siketi.

Mankhwala ake ndi kulemba mawu ochepa ofotokoza chithunzicho, n'kuwatumiza kwa kasitomala kuti avomereze musanadule nsalu kapena kuyitanitsa katundu. Lamulo lake ndi limodzi: zimene maso akuona muzilembe padera, zimene mwauzidwa padera, ndipo zongoganizira muzinene kuti n'zongoganizira.

Tiyeserere pa chovala chodziwika, suti ya amayi yotchedwa Bar, imene Christian Dior anaionetsa ku Paris pa 12 Febuluwale 1947 pa chionetsero chake choyamba. Zithunzi zake n'zosavuta kupeza pa foni, ndipo kasokedwe kake kakubwerezedwabe mpaka lero.

Choyamba: maonekedwe a chovala chonse

Musanayang'ane mabatani ndi kolala, ikani foni patali pang'ono ndipo muone chovalacho ngati mthunzi wa munthu pakhoma. Dzifunseni kuti chathina pati, chatambasuka pati, ndipo chathera pati. Yambirani pa mapewa, mutsikire m'chiuno, m'mahipi, mpaka kumpendero.

Pa suti ya Bar mungalembe kuti: mapewa ndi otsetsereka, osati otukuka ngati a jekete yachimuna. Jeketeyo yagwira pachifuwa, yathina kwambiri m'chiuno, kenako yatukuka mozungulira pamahipi. Siketi ndi yotambasuka, yopindapinda, ndipo yathera pakati pa bondo ndi akakolo.

Onani kuti kutalika tayezera pa thupi. Mawu oti "yaitali" sathandiza, chifukwa yaitali ya mtsikana wa kukoleji si yaitali ya mayi wa kumvano. Chenjeraninso ndi kamera. Ojambula pa zionetsero amakhala kumapeto kwa kanjira koyendamo owonetsa zovala, ndipo amajambula munthuyo ali pakati poyenda. Mwendo ukakhala kutsogolo, siketi imaoneka yotambasuka kapena yaifupi kuposa mmene ilili. Mukaona kuti mpendero wakwera mbali imodzi, funani chithunzi china musanalembe kuti unasokedwa mopendekeka.

Chachiwiri: nsalu

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Chithunzi chimaonetsa mmene nsalu ikuchitira, koma sichinena kuti inapangidwa ndi chiyani. Satini wa poliyesita ndi satini wa silika onse amawala pansi pa magetsi amphamvu, koma mitengo yake ndi yotalikirana. Choncho lembani zooneka: kodi ikuwala kapena ayi, ikugwa mofewa kapena yaima yokha, ikuonetsa m'kati kapena ndi yochindikala.

Pa suti yathu, maso akuona jekete yowala pang'ono, yosalala, yoima bwino osakwinyika, ndi siketi yakuda yosawala, yogwa molemera. Zoti jeketeyo ndi ya silika wa mtundu wa kirimu ndipo siketi ndi ya ubweya wa nkhosa tikuzidziwa chifukwa zinalembedwa m'mbiri ya chovalacho. Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zilibe mitundu, choncho pa chithunzi chokha simungasiyanitse kirimu ndi zoyera. Ngakhale pa zithunzi zamakono, magetsi a pachionetsero ndi galasi la foni zimasintha mtundu. Ngati mtundu ndi wofunika, kasitomala aone kachidutswa ka nsalu yeniyeni masana.

Palinso zobisika. Nsalu yokha siingatukuke pamahipi motero. Jekete ya Bar inaikidwa zolimbitsa m'kati. Telala amene salemba zimenezi amatchula mtengo wa jekete wamba, kenako n'kupeza kuti ntchito ndi zipangizo zachuluka.

Chimodzimodzi siketi. Nsalu ikamapindidwa mogundana, kupinda kulikonse kumadya katatu m'lifupi mwake. Munthu wa mahipi a masentimita 100 amafunika nsalu yozungulira mamita 3, osawerengera zosiyira msoko. Chitenje chimodzi cha mamita 2 sichikwana. Ndipo mukagwiritsa chitenje cha maluwa akuluakulu, kupindako kumabisa mbali yaikulu ya maluwawo. Mawu amodzi oti "yopindapinda" asintha kale mtengo wonse.

Chachitatu: zovalira pamodzi

Apa lembani zonse zimene si chovala chenichenicho: chipewa, nsapato, lamba, chikwama, ndolo, kakonzedwe ka tsitsi. Lembaninso mmene chavalidwira, monga ngati mabatani onse amangidwa kapena malaya apisiridwa. Suti ya Bar imaoneka kawirikawiri ndi chipewa, magolovesi ndi nsapato zazitali chidendene, jekete ili yomanga mabatani. Koma zithunzi zake ndi zingapo, zina zojambulidwa panja patapita nthawi, ndipo zovalira pamodzi sizifanana. Lembani zili pa chithunzi chimene mwatumiziridwa, osati zimene mukukumbukira.

Gawo ili likuthandizani kunena zimene zili mu mtengo ndi zimene mulibe. Nthawi zina chimene chakopa kasitomala ndi lamba kapena nsapato, ndipo akavala chovalacho popanda zimenezo amati mwasoka china. Kwa wogulitsa, mndandanda womwewu ndi mwayi wogulitsa zowonjezera.

Chachinayi: mkhalidwe wa chithunzi

Chiganizo chimodzi n'chokwanira, ndipo chikhale ndi umboni. Mawu onga "chapamwamba zedi" kapena "chothyola khosi" ndi otsatsa malonda, safotokoza kanthu. Nenani kuti chovalacho chikuoneka chaulemu, chachisangalalo kapena chantchito, kenako tchulani chimene chakupangitsani kutero. Suti ya Bar ikuoneka yaulemu ndi yodekha chifukwa mitundu ndi iwiri yokha, thupi laphimbika, ndipo palibe zokongoletsa zambiri. Zimenezi zimathandiza kudziwa ngati chovala chikuyenera ukwati, ofesi kapena tchalitchi.

Uthenga wonse ungaoneke chonchi:

"Mayi, pa chithunzi ndikuona jekete yowala pang'ono, ya mapewa otsetsereka, yothina m'chiuno ndi yotukuka pamahipi, yomanga mabatani kutsogolo, manja aatali. Siketi ndi yakuda, yosawala, yopindapinda, yothera pakati pa bondo ndi akakolo. Kumbuyo sikukuoneka. Nsalu yeniyeni sindingaidziwe pa chithunzi, ndiye mubwere mudzasankhe pa zimene ndili nazo. Jekete ifunika zolimbitsa m'kati. Chipewa, magolovesi ndi nsapato mulibe mu mtengo. Maonekedwe ake ndi aulemu, oyenera mwambo wa masana. Mukavomereza ndikuuzani mtengo."

Mawu oti "kumbuyo sikukuoneka" musawaiwale. Zithunzi zambiri za pachionetsero zimajambulidwa kutsogolo, choncho zipi, mpata wa kumbuyo kwa siketi ndi kasokedwe ka kumsana muyenera kugwirizana panokha.

Kuti mudziwe ngati mwalemba bwino, werengerani mnzanu wa pamsika amene sanaone chithunzicho, ndipo mumupemphe ajambule chovalacho papepala. Akakufunsani kuti siketi yathera pati kapena manja ndi otani, pamenepo ndi pamene pakusowa mawu. Konzani, tumizani, ndipo yankho la kasitomala mulisunge mpaka katundu atatengedwa ndi kulipiridwa.