Malangizo: Apilo Siimitsa Chigamulo

Munthu amene waluza mlandu wa ngongole ku High Court n’kuchita apilo ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre asaganize kuti wapuma. Apilo payokha siimitsa chigamulo: asherifu atha kubwerabe kudzalanda galimoto kapena chigayo chake.

Choncho loya wake apemphe padera lamulo loimitsa chigamulocho, kuyambira kukhoti lomwe linagamula. Aonetse kuti katunduyo akagulitsidwa, ndipo wopambanayo alibe chobwezera, kuwina apilo kudzakhala kopanda phindu. Khoti limatha kulamula kuti woluzayo ayambe wasungitsa ndalama za ngongolezo kukhotiko.

Nthawi yochitira apilo ndi yoikika ndi lamulo, ndipo imayamba kuwerengedwa tsiku la chigamulo. Wochedwa amapempha chilolezo, atalumbira chimene chinamuchedwetsa.

Kudandaula chabe sikokwanira. Apilo imafuna kuloza pamene woweruza analakwitsa lamulo kapena kunyalanyaza umboni.